Kukwera kwa nthaka pa kadontho ka m'kati mwa thirayango, ndikupeze bwanji?

Wamapu: Moni nonse. Tinayeza kukwera kwa nthaka pa madontho angapo, kenaka madonthowo tinawalumikiza kukhala mathirayango. Tsopano ndikufuna kukwera kwa malo a pakati, pamene sitinayezepo. Thirayango imodzi ili chonchi: A ali pa (1, 1) ndipo wakwera mamita 100, B ali pa (7, 2) wakwera mamita 128, C ali pa (3, 6) wakwera mamita 114. Sitepe imodzi pa mapu athu ndi mamita 100. Kadontho kanga P kali pa (4, 3). Ndamva kuti izi amazichita ndi makodineti a barisentiriki. Ndikufuna ndizimvetse ndi pensulo kaye ndisanalembe pulogalamu. Alipo angandiyendetse?

Chiwala: Barisentiriki si pakatikati pa thirayango kodi? Phatikizani zitatuzo, 342, mugawe ndi 3. Yankho ndi 114. Basi.

Nkhwazi: Ayi achimwene, 114 imeneyo ndi ya malo amodzi okha, pakatikati penipeni, pamene pali pa (3.67, 3). A Wamapu akufunsa za kadontho kalikonse. Kona imene ili pafupi ndi P iyenera kukoka kwambiri. Ine ndimayeza mtunda: kuchoka pa P kufika pa A ndi 3.61, kufika pa B ndi 3.16, kufika pa C ndi 3.16. Kona iliyonse ndimaipatsa mphamvu ya 1 kugawa ndi mtunda wake, kenaka ndimagawa zonse ndi chiphatikizo chake. Ndapeza mamita 114.6.

Mayi_Masamu: A Nkhwazi mwalondola kuti kona iliyonse ikhale ndi gawo lake, ndipo magawo atatuwo aphatikizane kukhala 1. Koma makodineti a barisentiriki sachokera ku mtunda wa kumakona. Amachokera ku eriya.

A Wamapu, jambulani mizere itatu kuchoka pa P kupita pa A, pa B ndi pa C. Thirayango yanu yagawika kukhala tizidutswa titatu: PBC, PCA ndi PAB. Gawo la A ndi eriya ya kachidutswa ka PBC kugawa ndi eriya ya thirayango yonse. Onetsetsani apa, chifukwa ndi pamene ambiri amasokonezekera: A amatenga kachidutswa kamene sikamukhudza, kotsidya lina. B amatenga PCA, C amatenga PAB.

Eriya simuyenera kuivutikira ndi kutalika kwa mbali. Pa makona atatu alionse p, q, r, nambala iyi ndi eriya kuwirikiza kawiri:

```
(qx - px)*(ry - py) - (qy - py)*(rx - px)
```

Kuwirikiza kawiriko musakuchotse, kudzachoka kokha pogawa. Pa ABC yonse, kuchoka pa A kupita pa B ndi (6, 1), kuchoka pa A kupita pa C ndi (2, 5), ndiye 6×5 kuchotsa 1×2 ndi 28. Pa PBC, kuchoka pa P kupita pa B ndi (3, -1), kupita pa C ndi (-1, 3), ndiye 9 kuchotsa 1 ndi 8. Mukachita chimodzimodzi pa PCA mupeza 11, pa PAB mupeza 9. Zitatuzi zikukwana 28, kusonyeza kuti palibe chatsala. Choncho makodineti a P ndi 8/28, 11/28 ndi 9/28.

Kukwera kwake ndi kuchulukitsa muyeso wa kona iliyonse ndi gawo lake:

```
(8*100 + 11*128 + 9*114) / 28 = 3234 / 28 = 115.5
```

Wamapu: Zikomo amayi, ndawerengera ndekha ndipo 115.5 yatulukadi. Koma mtima sunakhazikike. Bwanji A atenge kachidutswa ka kutali? Ine ndimayembekezera kuti atenga kamene kagundana naye.

Mayi_Masamu: Sunthani P m'maganizo mwanu. Mukamuyandikiza kwa A, tizidutswa tiwiri togundana ndi A timaphwa, pamene PBC imakula mpaka kudzaza thirayango yonse. P akafika pa A penipeni, PBC ndi ABC zakhala chinthu chimodzi, gawo la A lakhala 1, ndipo yankho ndi mamita 100, monga munayezera. Mukamubweza mpaka akhale pa mzere wa BC, PBC ilibenso eriya, ndipo A alibenso mawu.

Chifukwa chake n'chakuti PBC ndi ABC zakhala pa tsinde limodzi, BC. Mathirayango awiri a tsinde limodzi amasiyana eriya malinga ndi kutalika kwawo kokha. Ndiye 8/28 ikutiuza kuti, pa ulendo wochoka pa mzere wa BC kukafika pa mzere wofanana nawo wodutsa pa A, P wayenda magawo 8 mwa 28. Mtunda umene ukuwerengedwa ndi wochoka ku mbali yoyang'anizana ndi kona.

Möbius, amene anabweretsa njirayi mu 1827, ankaiona ngati nkhani ya zolemera. Mukaika makilogalamu 8 pa A, 11 pa B ndi 9 pa C, zonsezo zimadendekera pa P.

Nkhwazi: Pepani amayi, koma apa sindikuvomereza. P watalikirana ndi B chimodzimodzi monga watalikirana ndi C, 3.16 konsekonse. Inu mukupatsa B 11 koma C 9. Kukonderaku kwachokera kuti? Komanso 114.6 yanga ndi 115.5 yanu sizikusiyana ndi mita yathunthu.

Mayi_Masamu: Funso labwino kwambiri, ndipo pali mayeso osavuta amene angatiweruze. Magawo amene mwapeza, yesani kuwagwiritsa ntchito pa chinthu chimene yankho lake mukulidziwa kale: x ndi y za P mwiniwake. Ndi anga, x ikhala 8×1 kuphatikiza 11×7 kuphatikiza 9×3, imene ndi 112, kugawa ndi 28 ndi 4. Pa y, 8 kuphatikiza 22 kuphatikiza 54 ndi 84, kugawa ndi 28 ndi 3. Tabwerera pa (4, 3), pamene P alidi. Ndi magawo a mtunda, mumafika pa (3.78, 3.09). Ndiye kuti nthaka itakhala yopendekeka mosalala, njira yanu ikupereka kukwera kwa malo ena, pafupifupi mamita 24 kuchoka pa P.

Manambala atatu oti aphatikizane kukhala 1 ndiponso abweze x ndi y molondola alipo a mtundu umodzi wokha. N'chifukwa chake tilibe ufulu wopatsa B ndi C zofanana. Njirayi ili ngati kugoneka bolodi lathyathyathya pa zikhomo zitatu. Bolodi la a Wamapu limakwera mamita 4.5 pa sitepe iliyonse ya x ndi mita 1 pa sitepe iliyonse ya y. Kuchoka pa A kupita pa P ndi masitepe 3 ndi 2, ndiye 100 kuphatikiza 13.5 kuphatikiza 2. Yatulukanso 115.5.

Chachiwiri chimene chimandikhudza kwambiri ndi m'malire. Tengani pakati pa BC, pa (5, 4). Njira ya eriya ikupereka theka kwa B, theka kwa C, ziro kwa A: mamita 121. Thirayango yoyandikana nayo, yogawana nayo BC, iperekanso 121 pamenepo, choncho nthaka yalumikizana. Njira ya mtunda pamalo omwewo imasiyirabe A pafupifupi 22 peresenti, n'kupereka 116.4, ndipo thirayango inayo ipereka nambala ina chifukwa kona yake yachitatu ndi ina. Pa mapu pamaoneka chiphedi pamene nthaka ilibe chiphedi.

Nkhwazi: Za (3.78, 3.09) ndayesa, n'zoona. Koma za chiphedizo mwaipanikiza njira yanga. M'mapulogalamu a mapu, njira ya mtunda saichita pa thirayango imodziimodzi. Amatenga madontho ambiri ozungulira, ndiye malire a mathirayango salowamo. Ndipo nthaka yeniyeni si bolodi. Palibe angalumbire kuti pa P pali 115.5.

Mayi_Masamu: Zonse ziwirizo ndikuvomereza. 115.5 ndi yankho lolondola la funso lakuti, nthaka itakhala yosapindika pakati pa makona atatuwa, P akwera bwanji. Ngati pakatipo pali chulu kapena chigwembe, makona atatu sangachione, chifukwa m'kati mwa thirayango yankho silingapitirire 128 kapena kutsika pansi pa 100.

Wamapu: Ndabweranso. Ndalemba kapulogalamu, eriya ndikuipeza ndi fomula ya Heron, ya kutalika kwa mbali zitatu ija. Pa P zikuyenda bwino. Koma pa kadontho kena, Q pa (8, 5), ndikupeza 16/28, 27/28 ndi 17/28. Zikuphatikizana kukhala 60/28, kupitirira 2, ndipo kukwera kukutuluka pafupifupi mamita 250. Chalakwika n'chiyani?

Chiwala: Ingogawani ndi 60 m'malo mwa 28, zikwana 1. Ndayesa, yatuluka 116.6, ndipo ikuoneka yabwinobwino, ili pakati pa 100 ndi 128.

Njerengo: Chonde musatero. 250 ija inali yabwinopo chifukwa imakuwa yokha kuti pali vuto, pamene 116.6 ilowa mu mapu anu mwakachetechete. Chitani mayeso a amayi aja: 16, 27 ndi 17 kugawa ndi 60 zikufikitsani pa (4.27, 2.87), kutali kwambiri ndi (8, 5).

Q ali kunja kwa thirayango, achimwene. Heron amapereka eriya yopanda chizindikiro, ndiye sangakuuzeni zimenezo. Fomula imene amayi analemba ili ndi chizindikiro: makona akamazungulira mbali imodzi imatuluka pozitivu, akamazungulira mbali inayo imatuluka negativu. Pa QBC imapereka -16, osati 16. Tsopano -16, 27 ndi 17 zikukwana 28 bwinobwino. Nayi imene ndimagwiritsa ntchito mu Python:

```python
def kawiri(p, q, r):
    return (q[0]-p[0])*(r[1]-p[1]) - (q[1]-p[1])*(r[0]-p[0])

def magawo(a, b, c, p):
    d = kawiri(a, b, c)
    return kawiri(p, b, c)/d, kawiri(p, c, a)/d, kawiri(p, a, b)/d
```

Musaikemo `abs()` pena paliponse, ndipo musasinthe ndondomeko ya zilembozo. Makona a thirayango mukawalemba mozungulira kwina, `d` ikhala -28 ndipo tizidutswa tonse titembenukanso chizindikiro, ndiye magawo sasintha. Magawo onse atatu akakhala ziro kapena kuposerapo, kadontho kali m'kati kapena pa malire. Limodzi likakhala negativu, kali kunja.

Wamapu: Ndasintha, ndipo Q tsopano akupereka 135.5. Imeneyi ndingaikhulupirire?

Njerengo: Masamu ake ndi olondola, koma ndi bolodi lija lotalikitsidwa kupyola pamene munayeza. Taonani kuti 135.5 yaposa makona onse atatu. Chabwino n'chakuti gawo la negativu limakulozerani kopita. La A ndi limene lili negativu, ndiye Q wawoloka mbali yoyang'anizana ndi A, imene ndi BC. Kodi tsidya la BC muli ndi thirayango ina?

Wamapu: Ilipo. Kona yake yachitatu ndi D pa (9, 7), wakwera mamita 150.

Njerengo: Ndiye kwawo kwa Q ndi kumeneko. Mu BDC, B atenga 11/28, D atenga 16/28, C atenga 1/28, zonse pozitivu. Kukwera ndi 3922 kugawa ndi 28, pafupifupi 140.1. Mukanakhulupirira 135.5 mukanaphonya ndi mamita oposa 4. Umu ndi mmenenso mungapezere thirayango ya kadontho popanda kuyesa onse: yambani pa iliyonse, muziwoloka mbali imene gawo lake lili negativu mpaka onse atatu akhale bwino.

Mpesa: Ndilowererepo ndi langa. Ine madontho anga achokera ku GPS, ali mu madigiri a latichudi ndi longichudi. Ndikudziwa kuti digiri imodzi ya longichudi siifanana kutalika ndi digiri ya latichudi, kupatula pa ikweta. Kodi ndiyambe ndawasandutsa mamita? Nditawasandutsa kukhala UTM, makodineti a m'mamita, n'kuwalowetsa mu pulogalamu yojambula, magawo ayamba kudumphadumpha, makamaka pa mathirayango ang'onoang'ono.

Mayi_Masamu: Mbali yoyambayo ndi imene ndimaikonda pa njirayi. Mukafinya mapu onse mbali ya x, tinene ndi theka, eriya iliyonse imachepa ndi theka, ya kachidutswa ndi ya thirayango yonse yomwe, ndiye pogawa sipasintha kanthu. Kutembenuza mapu, kuwasuntha kapena kuwapendeketsa nakonso sikusintha magawo. Choncho pa thirayango ya mamita mazana angapo, madigiri angagwire ntchito momwe alili. Zimayamba kuvuta thirayango ikakula kwambiri, makilomita mazanamazana, kapena kufupi ndi kumapeto a dziko kumpoto ndi kumwera, chifukwa kufinyikako sikukhalanso kofanana kona ndi kona. Njira ya mtunda ilibe mwayi umenewu: mukafinya x, mitunda yonse imasintha mosiyana.

Zodumphadumphazo a Njerengo ndiwo angazidziwe.

Njerengo: Achemwali, ndikukaikira `float32`. Mapulogalamu ambiri ojambula amasunga makodineti mu mtundu umenewo, umene umasunga madijiti pafupifupi 7 okha. Nambala za UTM zimafika mamiliyoni, ndipo pakati pa 8388608 ndi 16777216 `float32` imalumpha ndi 1 yathunthu. Ndiye kuti y yanu ikuzunguliridwa ku mita yapafupi. Pa thirayango ya mamita 5, zimenezo zikwanira kuwononga magawo onse. Sankhani dontho limodzi la pafupi, mulichotse ku makodineti onse akadali mu `float64`, kenaka mutumize manambala ang'onoang'ono otsalawo. Kuchotsa pambuyo poti alowa kale mu `float32` sikuthandiza, masentimita aja atayika kale.

Chinanso choti muyang'ane ndi mathirayango oonda. Tengani makona (0, 0), (10, 0) ndi (5, 0.1). Kadontho ka pa (5, 0.05) kamapatsa kona yachitatu theka. GPS ikaphonya y ndi 0.02 yokha, gawolo lafika 0.7. Makona atatu akakhala pa mzere umodzi, `d` ndi ziro ndipo pulogalamu imagwa, koma amene ali pafupi ndi mzere umodzi ndiwo oopsa, popeza sagwetsa kanthu. Ine ndimayerekeza `d` ndi mbali yaitali kwambiri kuchulukitsa ndi iyo yomwe. Ikachepetsetsa, thirayango imeneyo ndimaiika chizindikiro kuti munthu akaione.

Mpesa: Ndichotsa dontholo ndione. Nanga kadontho kakagwera pa mzere penipeni? Kwa ine nthawi zina mathirayango onse awiri amakakana, gawo limatuluka ngati -0.0000000000000001 uku ndi uku.

Njerengo: Ndimalola negativu yaing'ono kwambiri, monga gawo `w >= -1e-9`, ndipo thirayango yoyamba kuvomera ndi imene ndimatenga. Poti pa malire onse awiri amapereka yankho limodzi, zilibe kanthu kuti yapambana ndi iti.

Mayi_Masamu: Pofuna kukwera kwa nthaka zimenezo zikwanira. Koma ngati mukuwerenga madontho, kapena kuphatikiza china chake thirayango ndi thirayango, kulola kotereku kungawerenge kadontho kamodzi kawiri. Makhadi ojambula zithunzi pa kompyuta ali ndi lamulo lakelake lopatsa mzere uliwonse kwa thirayango imodzi yokha. Ndiye zitengera ntchito yanu, achemwali.

Nkhwazi: Ine ndabwerera ku manambala a a Wamapu, ndipo ndaona chinthu chimene chikundisowetsa mtendere kuposa zonsezi. Makona anayi aja, A, B, D ndi C, mwawadula ndi mzere wa BC. Koma akanathanso kudulidwa ndi mzere wa AD. Pakati pa AD ndi pa (5, 4), pomwe paja pali pakati pa BC. Mukadula ndi BC, pamenepo pali 121. Mukadula ndi AD, pali theka la 100 ndi theka la 150, imene ndi 125. Malo amodzi, miyeso yomweyo, njira yomweyo, mayankho awiri. Amayi, apa eriya itiuza chiyani?

Mayi_Masamu: Siitiuza kanthu, bambo, ndipo mwagwira penipeni. Makodineti a barisentiriki amayamba ntchito thirayango itasankhidwa kale. Mayankho awiriwo akanafanana D akanakhala pa bolodi la ABC, ndiye kuti mamita 142. Iye ali pa 150, ndipo theka la kusiyana kumeneko ndi mamita 4 amene mwawapezawo. Mapulogalamu ambiri amadula motsata njira ya Delaunay, imene imapewa mathirayango oonda, ndipo pano ingasankhe BC. Koma Delaunay amaona x ndi y zokha, kukwera sakuona.

Njerengo: Ine ndingakhalebe ndi BC. Ndi waufupi, 5.66 poyerekeza ndi 10, ndiye miyeso imene mukuidalira ili pafupi ndi malowo.

Nkhwazi: Nanga ngati pali mtandadza wa phiri woyenda kuchoka pa A kukafika pa D? Mzere wa BC ungaudule pakati n'kuika chigwa pamene pali msana. Oyeza malo amakakamiza mizere ya mathirayango kuti itsate misana ndi mitsinje pa chifukwa chimenechi.

Njerengo: Ngati msanawo ulipodi, inde. Koma manambala anayiwa paokha sakutiuza kuti ulipo.

Wamapu: M'zolemba za tsiku loyeza mulibe chonena za msana kapena khwawa pamenepo. Pakadali pano ndisiya BC, koma pulogalamu iziwerengera mbali zonse ziwiri, ndipo paliponse pamene kusiyana kwapitirira mamita 2 ndipaika pa ndandanda ya malo oti tikayezenso. Pa (5, 4) ndi poyamba. A Njerengo, kodi malire a mamita 2 amenewa ndi oyenera pa mathirayango a kukula chonchi, kapena ndiwatsitse?